Kodi tikutsimikiza kuti ndi matsire chabe?

Pali munthu wina amene sitimuwerengera m'gulu la zidakwa, ndipo iye mwini angakwiye titamutchula choncho. Sabata yonse amakhala ali pantchito. Amasewera mpira, alibe mimba yotsogola, ndipo kuchipatala anapitako kalekale atadwala malungo. Amamwa pakutha pa mwezi malipiro akalowa, paukwati wa mnzake, pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano. Koma tsiku limene wati amwe, amamwa zenizeni, mpaka mbandakucha. Abale ake akafunsidwa amati, "Ameneyu si wa mowa, amangomwako pakakhala chisangalalo."

Funso lathu loyamba likupita kwa iyeyo ndi onse omuikira kumbuyo. Kodi mtima umadziwa kuti lero ndi tsiku la chisangalalo? Ife timayeza kuopsa kwa mowa powerenga masiku amene munthu wamwa pamwezi. Chiwindi mwina chingagwirizane nafe pang'ono, popeza chimawonongeka mwapang'onopang'ono m'zaka zambiri. Koma kagundidwe ka mtima kamawerenganso mowa umene walowa m'magazi usiku umodzi wokha, ndipo kangasokonezeke mwa munthu amene mtima wake ulibe chilema chilichonse.

Zimenezi sizinadziwike dzulo. Mu 1978 dokotala wina wa ku New Jersey m'dziko la America, Philip Ettinger, pamodzi ndi anzake anafotokoza za odwala 24 amene anagonekedwa mtima ukugunda mosokonezeka atamwa kwambiri, pomwe analibe matenda a mtima odziwika. Chimene chinawadabwitsa chinali masiku amene odwalawo ankabwera. Ambiri ankafika Lamlungu, Lolemba ndi Lachiwiri, enanso m'nyengo ya zikondwerero za kumapeto kwa chaka. N'chifukwa chake vutoli analipatsa dzina lotanthauza kuti mtima wa patchuthi. Odwala a Ettinger ambiri anali omwa kawirikawiri, ndiye munthu akanatha kunena kuti mitima yawo inali itafooka kale mobisika. Koma mu 1984 dokotala wina ku Britain anasonyeza vuto lomwelo mwa anthu athanzi amene sanali zidakwa n'komwe, amene anangopapira tsiku limodzi.

Nanga kumwa kwambiri kumayambira pati? Pamenepa ambiri timadzinamiza, chifukwa timaganiza za munthu amene wagwa m'ngalande. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, la WHO, limati munthu wamwa mopitirira muyeso akamwa magalamu 60 a mowa weniweni pa nthawi imodzi. Botolo la mowa wa mamililita 330, wa mphamvu ya 5 peresenti, lili ndi magalamu pafupifupi 13. Mabotolo asanu basi, mwawoloka kale mzere. Kabotolo ka mowa waukali ka mamililita 200, ka 40 peresenti, kali ndi magalamu pafupifupi 63 pakokha. Kachasu ndiye sauza munthu mphamvu yake, chifukwa wotcheza uyu ndi uyo amasiyana, ngakhalenso botolo loyamba kudontha limasiyana ndi lomaliza. Tsono tifunsane moona mtima: paukwati womaliza umene munapitako, ndi angati pa tebulo lanu amene analekera pa botolo lachinayi?

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 27, wathanzi, amene walandira malipiro Lachisanu. Wayamba nthawi ya 7 koloko madzulo asanadye nsima, wangotola kanyenya pang'ono. Pofika pakati pa usiku wamwa mabotolo asanu ndi limodzi, ndiwo magalamu 78. Anzake abweretsa mowa waukali, ndipo gawo lake lakwana kabotolo kamodzi, kosakaniza ndi chakumwa chopatsa mphamvu kuti tulo tisamugwire. Zonse pamodzi ndi magalamu oposa 140, kuwirikiza kawiri mzere uja ndi kupitirira. Chiwindi chimatha kuchotsa magalamu pafupifupi 7 mpaka 10 pa ola, ndipo sichifulumira chifukwa choti munthu wasamba madzi ozizira kapena wamwa khofi. Ndiye kuti thupi lake likhala likulimbana ndi mowawo mpaka masana a Loweruka. Wagona 3 koloko, wasanza kamodzi, wadzuka 9 koloko mutu ukuwawa. Akupita kukatunga madzi akumwa, akumva m'chifuwa ngati muli chinthu chikuphiriphitha. Wakwera masitepe ochepa, mpweya wamuthera. Mkazi wake akuti, "Ndi matsire amenewo, dyani kaye."

Kodi chachitika n'chiyani m'chifuwamo? Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowapopa. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kachigawo kakang'ono kamene kamatulutsa mphamvu yamagetsi maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Kachigawoka kali ngati woyimba ng'oma pabwalo: iye akamenya, ovina onse amaponda limodzi. Mphamvuyo imafalikira m'zipinda zam'mwamba, zimafinya, kenako imadutsa pa kachipata kamodzi kokha kulowa m'zipinda zam'munsi, nazonso zimafinya. Vuto limene mowa umayambitsa kawirikawiri ndi loti ng'oma zina zambirimbiri zimayamba kulira paliponse m'zipinda zam'mwambazo, maulendo 300 mpaka 600 pa mphindi. Zipindazo zimasiya kufinya, zimangonjenjemera. Kachipata kaja sikangalole zonsezo kudutsa. Kamalola zina n'kutsekera zina mopanda ndondomeko, moti zipinda zam'munsi zimagunda mothamanga, mwina 120, mwina 160 pa mphindi, ndiponso mosasiya mipata yofanana. Dokotala akachipeza amalemba zilembo ziwiri m'buku lanu la kuchipatala, AF. Ife pano tizingoti kunjenjemera kwa mtima.

Nanga mowa umalowapo bwanji? Umagwira mbali zingapo nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ngakhale mtima wabwinobwino umatha kugonja. Minofu ya mtima ikangofinya imakhala ndi kanthawi kochepa kamene siyankha mphamvu ina iliyonse yamagetsi. Kanthawi kopuma kameneka ndi kamene kamateteza mtima kuti mphamvu yosochera isamazungulirezungulire m'chipinda. Malo amene mphamvu zosochera zimayambira kawirikawiri ndi pamene mitsempha inayi yochokera m'mapapo imalowera m'chipinda cham'mwamba chakumanzere. Gregory Marcus ndi anzake ku San Francisco anachita kafukufuku wolimba mtima ndithu: anthu amene ankapangidwa opaleshoni ya vutoli anawathira mowa m'mitsempha mpaka kufika mlingo umene ku America munthu saloledwa kuyendetsa galimoto, kenako anayeza m'kati mwa mtima. Anapeza kuti kanthawi kopuma kaja kafupika, ndipo kafupika pa mitsempha ya m'mapapo pomwepo.

Mbali yachiwiri ndi ya mitsempha yolamulira mtima. Ilipo ya mitundu iwiri, wina wofulumizitsa, wina wochepetsa liwiro. Munthu akamamwa, wofulumizitsa umakwera ndipo adirenalini amachuluka m'magazi. Mowa ukayamba kutha m'thupi, mitundu iwiriyi imakokanakokana mosakhazikika kwa maola ambiri. Mbali yachitatu ndi mchere wa m'magazi. Mowa umatsekereza timadzi timene timauza impso kuti zisunge madzi, ndiye chifukwa chake womwa amakodza pafupipafupi. Mkodzo ndi masanzi zimatuluka ndi potaziyamu ndi maginiziyamu, michere imene magetsi a mtima amadalira. Onjezerani kusagona, kuliza mkonono kwa munthu woledzera kumene kumadula mpweya usiku, ndi kafeini wa m'zakumwa zopatsa mphamvu amene amabisa kuledzera n'kumulola kumwa kuposa mmene akanamwera. Mnyamata wathu uja zonsezi wazisonkhanitsa usiku umodzi.

Wina afunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa: ngati zili choncho, bwanji tonse timene tinamwa Lachisanu sitinagonekedwe? Tisakokomeze. Achinyamata ambiri amene amapapira sagwidwa ndi kunjenjemera kwa mtima. Mu 2015 ofufuza ku Munich m'dziko la Germany anapita ku chikondwerero chachikulu cha mowa cha Oktoberfest ndipo anajambula mitima ya anthu oposa 3,000 amene ankamwa. Pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali ndi kagundidwe kosakhala bwino, koma ambiri mwa iwo kunali kuthamanga chabe kwa mtima wogunda mwadongosolo. Kunjenjemera kwenikweni kunapezeka mwa ochepa kwambiri. Wotsutsa angaime pamenepa n'kumwetulira.

Koma ofufuza omwewo anaona kuti anajambula pa nthawi yolakwika, anthu akadali ndi chikho m'manja. Anabwerezanso, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2024. Ulendo uno anatenga achinyamata pafupifupi 200 amene ankapita kokamwa mwa kufuna kwawo, n'kuwaveka timakina tojambula mtima kwa maola 48. Oposa asanu mwa 100 alionse anapezeka ndi kusokonezeka kwa mtima koti dokotala angade nako nkhawa, kuphatikizapo kunjenjemera kwa zipinda zam'mwamba ndi kuthamanga kwa kanthawi kochokera m'zipinda zam'munsi. Ndipo zambiri zinachitika kumwa kutatha, thupi likuchira. Mmodzi mwa anthu makumi awiri si onse ayi. Koma muwerenge anthu amene amadzaza bawa imodzi ku Bwandilo kapena ku Chigwirizano usiku wa Lachisanu la malipiro, muone ngati chiwerengerocho n'chochepa.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Vutoli silibwera munthu ali pabawa pamene anzake akumuona. Limabwera m'mawa mwake kapena tsiku lotsatira, ali kunyumba, pa nthawi imene aliyense akuyembekezera kuti amve kuipa m'thupi. Limabwera litavala malaya a matsire. Kufooka, chizungulire, thukuta, mtima kuthamanga, zonsezi tinazizolowera ndipo timaziseka. Kodi ndi angati amene anadutsamo m'vutoli Loweruka lina, n'kugona tsiku lonse, n'kudzuka Lamlungu ali bwino, osadziwa kuti mtima wawo unatha maola khumi ukunjenjemera?

Kusiyanitsa kwake sikufuna ndalama. Khalani pansi mphindi zisanu. Ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pa mkono m'munsi mwa chala chachikulu, kapena pakhosi pambali pa kholingo, osakanikiza kwambiri. Mvetserani kwa mphindi yathunthu, ndipo musangowerenga, mumve mipata. Mtima wa matsire wamba umathamanga, mwina kufika 100 kapena 110, koma mipata yake imafanana ndipo mungathe kugwedeza mutu motsatira. Nthawi zina mumamva kugunda kwadongosolo, kenako kamodzi n'kudumpha, n'kugunda mwamphamvu, n'kubwereranso m'dongosolo. Kumeneko ndi kugunda kongowonjezera, kumene anthu ambiri athanzi amakhala nako ndipo mowa umakuchulukitsa. Kunjenjemera kwa mtima n'kosiyana ndi zonsezi. Mulibe dongosolo loti mungalitsatire. Kuwiri kofulumira, mpata, kutatu, kumodzi kofooka, mpata wautali, ndipo simungathe kulosera kugunda kotsatira. Kodi n'chifukwa chiyani timaphunzitsa ana asukulu mayina a zipinda za mtima kuti akalembe mayeso, koma osawaphunzitsa kugwira mkono wa mnzawo?

Mnyamata uja atagwira mkono n'kupeza 140 wopanda dongosolo, achite chiyani? Choyamba aone nthawi, akumbukire ola limene zinayamba, chifukwa dokotala adzalifuna. Chachiwiri apite kuchipatala tsiku lomwelo, zikadali kuchitika, ndipo asayendetse yekha galimoto kapena njinga yamoto. Ngati pali kuwawa kwa pachifuwa, kubanika ngakhale atakhala pansi, kukomoka, kapena ngati pakamwa papotoka, mkono wafooka, mawu akutuluka mokokeka, imeneyo ndi ngozi ya mphindi yomweyo, si yodikira kuti ayambe wadya. Tikudziwa chimene chimachitika m'makomo mwathu: munthu amene anamwa dzulo akayamba kulankhula mokokeka, onse amati mowa sunamuthere. Kodi tataya angati chifukwa cha chiganizo chimenechi?

Ndipo pali mankhwala athu otchuka aja, kuchotsa matsire ndi botolo lina. Kunena zoona, botololo limatonthoza thupi kwa kanthawi, chifukwa limabwezera mowa umene mitsempha yayamba kuusowa. Koma kwa mtima wosokonezeka, ndi kubwezera chimene chayambitsa vutolo, ndi kukankhira kutsogolo nthawi yoopsa ija. Enanso amapempha mapiritsi a kuthamanga kwa magazi kwa amayi kapena amalume kuti mtima ukhazikike. Musatero. Pali achinyamata ena amene anabadwa ndi kanjira kena kowonjezera ka magetsi pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, kolambalala kachipata kaja, ndipo ambiri sadziwa. Mwa otere, kunjenjemera kungathamangitse mtima kupitirira 250 pa mphindi, ndipo mankhwala ena ochepetsa liwiro la mtima amatseka kachipata n'kukankhira mphamvu yonse ku kanjira koopsako. Chimene chimaonetsa kusiyana kwake ndi pepala la makina ojambula kagundidwe ka mtima, a ECG, osati maso a wachibale.

Kuchipatala, pepala limenelo likatuluka, kunjenjemera kumaoneka msanga. Timafunde ting'onoting'ono timene timayenera kutsogolera kugunda kulikonse sitikhalapo, ndipo mipata ya kugunda imasiyanasiyana. Dokotala amayeza michere ya m'magazi ndi kubwezera imene yachepa, amapereka madzi, amachepetsa liwiro la mtima ndi mankhwala ngati pakufunika, ndipo amafufuza zifukwa zina monga chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kuchepa kwa magazi kapena malungo. Nthawi zambiri, mwa munthu wachinyamata wopanda matenda ena, mtima umabwerera wokha m'dongosolo pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Ukakana, pali mankhwala kapena kuugwedeza ndi magetsi munthu atagonetsedwa. Ola lija limafunika pamenepa. Zipinda zam'mwamba zikakhala zikunjenjemera nthawi yaitali, magazi amadekha m'kathumba kena ka chipinda chakumanzere ndipo angaundane. Kubwezera mtima m'dongosolo mosasamala kungatulutse kachibulumako n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Choncho munthu amene wadikira masiku atatu, kapena amene sakudziwa pamene zinayambira, amafunika kaye mankhwala oletsa magazi kuundana kapena kuunikidwa mwapadera. Kudikira kumasandutsa nkhani ya tsiku limodzi kukhala ya masabata.

Kodi ndiye kuti mnyamatayo adwala sitiroko? Mwayi wake ndi wochepa, ndipo sitikufuna kuopseza munthu ndi bodza. Paliponse padziko, kunjenjemera kwa mtima kumachulukitsa ngozi ya sitiroko pafupifupi kasanu, koma ngoziyo imagwera kwambiri okalamba, odwala shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi amene mtima wawo unafooka kale. Wa zaka 27 amene alidi wathanzi, kugwidwa kamodzi kwa maola ochepa sikawirikawiri kumusiyira chilema. Koma mawu oti alidi wathanzi tiwayang'anitsitse. Ndani anamuyeza? Kuno kwathu, monga m'maiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara, muli achinyamata amene ali ana anadwala zilonda zapakhosi zosachiritsidwa bwino, ndipo matendawo anawononga mwakachetechete timavavu ta mtima. Kavavu ka kumanzere kakachepa mpata, chipinda cham'mwamba chimatupa, kunjenjemera kumayamba mosavuta, ndipo ngozi ya sitiroko imakhala yaikulu ngakhale munthu ali ndi zaka 25. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapezanso kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa.  Achinyamata athu amadzitcha athanzi chifukwa choti sanagwepo. N'chifukwa chake aliyense amene wagwidwa ndi vutoli, ngakhale litatha lokha, ayenera kuunikidwa mtima ndi makina oona m'kati kuti timavavuto tioneke.

Tsopano titembenukire kwa anzathu a zaumoyo, chifukwa nawonso tili nawo mafunso. Mnyamata akafika Lolemba n'kunena kuti Loweruka mtima unkachita zachilendo, koma pano uli bwino, amatuluka ndi chiyani? Kawirikawiri amamuyeza malungo, amamuuza kuti ndi nkhawa kapena zilonda zam'mimba, n'kumupatsa mankhwala opha ululu. Sitikunyoza munthu amene akuona odwala mazana patsiku. Koma kodi funso loti munamwa mabotolo angati, a mtundu wanji, ndipo munamaliza nthawi yanji, limatenga mphindi zingati? Kufunsa kuti "Mumamwa mowa?" n'kosathandiza, chifukwa yankho lake timalidziwa tonse: "Mwa apo ndi apo." Ndipo yankholo si bodza. Ndi loona limene limabisa magalamu 140. Nanunso odwala, mukamachepetsa chiwerengero cha mabotolo pamaso pa adokotala chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa choti mkazi wanu wakhala pambali, mukuteteza ndani?

Vuto lina ndi loti kunjenjemera kumeneku kumathawa umboni. Kukatha, pepala la ECG limatuluka loyera, ndipo palibe kuyeza magazi kumene kungasonyeze kuti kunachitika. Kumene makinawo ali kutali, wodwala amafika umboni utapita. Apa zala ziwiri zija zimakhala zamtengo wapatali. Namwino kapena wachipatala wa kumudzi amene wagwira mkono n'kulemba m'buku kuti 140, wopanda dongosolo, tsiku lakuti, ola lakuti, wasiyira dokotala wa kutsogolo chinthu chogwirika. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi amene amangoonetsa manambala asatiiwalitse kugwira munthu pamkono.

Funso lovuta kwambiri ndi la pambuyo pake. Mtima wabwerera, mnyamata watuluka, mwezi watha, malipiro alowanso. Amwe kapena asamwe? Madokotala a mtima amadziwa kuti kunjenjemera kumaitana kunjenjemera kwina, chifukwa ulendo uliwonse umasintha pang'ono magetsi a zipinda zam'mwamba, ndipo kumwa kobwerezabwereza kumazitupitsa n'kusiyamo zipsera. Ku South Korea anatsatira achinyamata oposa 1.5 miliyoni a zaka 20 mpaka 39, ndipo amene anapitiriza kumwa kwambiri kwa zaka zinayi zotsatizana anali ndi ngozi ya vutoli yokwera ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi osamwa kapena omwa pang'ono. Kwa amene vutoli linawagwirapo kale, mlingo wotetezeka umatsika kwambiri. Marcus yemwe uja anaveka anthu 100 otere makina a mtima ndi ena oyeza mowa pa mwendo kwa mwezi umodzi, ndipo anapeza kuti chikho chimodzi chinkawirikiza kawiri mwayi woti kunjenjemera kuyambe m'maola anayi otsatira, pomwe ziwiri kapena kuposa zinkawirikiza kupitirira katatu. Ambiri mwa anthuwo anali achikulire, choncho tisawafanizire ndendende ndi wa zaka 27, koma kumene nkhani ikulozera n'koonekeratu.

Ndipo kusiya kumathandiza, izi zinayesedwa. Ku Australia, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2020, anatenga anthu 140 omwa mowa amene anali ndi vutoli n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina linapemphedwa kusiya, lina linapitiriza monga mwa masiku onse. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, vutoli linabwerera mwa 73 pa 100 alionse a gulu lopitiriza, ndi mwa 53 pa 100 alionse a gulu losiya. Kusiya sikunachize onse, ndipo tisanene kuti kunatero. Koma ndi piritsi liti lotsika mtengo chotere limene limabweretsa kusiyana koteroko? Maganizo athu ndi akuti amene mtima wake wanjenjemerapo kamodzi chifukwa cha mowa asiye, kapena pang'ono pokha asadzapapirenso. Chenjezo limodzi lokha: amene amamwa tsiku ndi tsiku, amene manja amanjenjemera m'mawa asanamwe, asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa kutero kungabweretse khunyu ndi kusokonezeka komweko kwa mtima. Ameneyo asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Otsiriza kuwafunsa ndi opanga mowa ndi olamula malonda ake. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mu 2017 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake ya za mowa. Zambia inali itayamba kale, poletsa tujilijili mu 2012. Koma mowa womwewo unangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo ta pulasitiki totsika mtengo, timene kamodzi kokha kamafikitsa munthu pa mzere wa magalamu 60. Pa botolo pamalembedwa peresenti, nambala imene wogula wamba amaiwerenga ngati chitsimikizo choti ndalama yake yagwira ntchito. Pamalembedwanso kuti imwani mosamala. Kusamalako ndi mabotolo angati? Maiko ena, monga Australia, amakakamiza opanga kulemba pa botolo lililonse kuchuluka kwa miyeso ya mowa imene ilimo, kuti womwa athe kuwerenga yekha. N'chiyani chikutiletsa ife kulemba m'Chichewa, ndi zilembo zooneka, kuti kabotolo aka kokha kakwana kale mlingo woopsa wa tsiku limodzi? Ndipo mauthenga a nyengo ya Khirisimasi, amene chaka ndi chaka amangonena za ngozi zapamsewu, adzayamba liti kuuza munthu amene wafika kunyumba bwinobwino kuti m'mawa mwake agwire mkono wake kwa mphindi imodzi?